Matumba 2,280 Osowa: M'mene Kalata Yodzudzula Alangizi Inalembedweranso

Nkhani iyi inachitika pa kampani ina yogula mbewu kwa alimi ang'onoang'ono, yomwe ofesi yake ya chigawo ili ku Chipata ndipo likulu lake lili ku Lusaka. Ine ndimagwira ntchito yoona za antchito pa ofesi ya chigawoyo, ndipo makalata onse okhudza kagwiridwe ka ntchito amadzera kwa ine asanapite kwa eni ake. Mayina a anthu ndi a kampani sinditchula. Ndikulembera anzanga amene timagwira ntchito yofanana, chifukwa ambiri tikapatsidwa kalata yaukali kuti tiikonze timathamangira kufewetsa mawu, pamene chimene chinakonza kalata iyi chinali kufufuza kaye kumene matumba osowawo anapita.

Kampaniyi imapereka mbewu ya soya pa ngongole mu Novembala ndi Disembala, ndipo mlimi amalonjeza kudzagulitsa zokolola zake ku kampani yomweyo, ngongole n'kudulidwa pa malipiro ake. Gulu limene ndikunena linali la alangizi asanu a m'madera a Katete ndi Chadiza. Mlangizi aliyense anali ndi depoti yake, njinga yamoto, ndi alimi otsogolera amene amasunga kaundula wa anzawo m'midzi. Likulu linawaikira tageti yogula matumba 6,000 a makilogalamu 50 kuyambira Meyi mpaka kutha kwa Julayi. Julayi atatha, matumba amene analowa m'nkhokwe anali 3,720 okha, kutanthauza 62 pa 100 alionse, ndipo matumba 2,280 anasowa. Mvula ya nyengo imeneyo inagwa bwino ndithu m'maderawa. Sichinali chaka cha chilala cha 2023/2024 chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024. Choncho panalibe woti akankhire mlandu kumwamba, ndipo aliyense ankayang'ana munthu woti ausenze.

Zizindikiro zoyamba

Vuto linayamba kuoneka kalata isanalembedwe n'komwe. Mkati mwa Juni, malipoti a mlungu ndi mlungu ochokera kwa alangizi anafupika modabwitsa. Gawo la fomu lolembapo zovuta, lomwe mu Januwale ndi Febuluwale linkadzaza mpaka kumbuyo kwa pepala, tsopano linkabwera ndi mawu awiri okha akuti “palibe vuto”, pamene manambala a matumba ankasonyeza kuti vuto lilipo lalikulu. Mwezi womwewo mlangizi mmodzi, amene anali atagwira ntchito nafe nyengo zingapo, anandipempha mwakachetechete kalata yomuchitira umboni kwa olemba ntchito ena. Manambala akamatsika koma malipoti n'kumanena kuti zonse zili bwino, nthawi zambiri zimasonyeza kuti anthu aphunzira kuti kunena vuto kumawabweretsera mavuto ena.

Kumayambiriro kwa Ogasiti a manijala a chigawo anandipatsa kalata yomwe ankafuna kuti itumizidwe kwa alangizi onse asanu, kope lake lipitenso ku Lusaka. Mtima wa kalatayo unali uwu:

“Ndakhumudwa kwambiri ndi gulu lanu. Mwalephera tageti chifukwa cha ulesi ndi kusasamala. Nthawi zonse mumakhala ndi zifukwa m'malo mobweretsa matumba. Ena a inu simuonekera n'komwe kumidzi, ndipo mukudzidziwa nokha. Magulu ena achita bwino, inu mwachititsa manyazi chigawo chonse. Amene sasintha asayembekezere kuti kontrakiti yake idzawonjezedwa.”

A manijalawa si munthu wankhanza, ndipo ndikunena izi chifukwa zimakhudza kakonzedwe ka kalata. Anali atangochoka pa foni ndi akuluakulu a ku likulu, amene anawafunsa mafunso owawa, ndipo kalatayo inali kupatsira ena ululu umene iwo anali ataulandira. Anandiuza kuti: “Mayi, ingoonani ngati mawu ake ali bwino, mawa ipite.” Ndinawayankha kuti: “Abwana, mawuwa ndingawakonze lero lomwe, koma mlangizi akakufunsani kuti mwa matumba 2,280 osowawa, ake ndi angati, muyankha chiyani?” Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anavomera kuti kalatayo idikire mlungu umodzi. Apa ndi pamene nkhani yonse inakhotera, chifukwa kalata ikanapita tsiku lotsatira, zonse zimene tinapeza pambuyo pake zikanaoneka ngati kampani ikudziteteza.

Chimene chinali cholakwika m'kalatamo

Kalatayo inali ndi chinthu chimodzi chokha chomwe munthu akanatha kuchitsimikiza, chakuti tageti inalephereka. Zina zonse zinali chiweruzo pa khalidwe la anthu. Ulesi ndi kusasamala si zinthu zimene munthu angasiye Lolemba m'mawa, chifukwa kalatayo sinanene kuti anachita chiyani, liti, kapena kuti akanachita chiyani m'malo mwake. Mawu akuti “nthawi zonse” amagwa ndi chitsanzo chimodzi chokha chotsutsa, ndipo wolandira kalata amathera nzeru zake pofunafuna chitsanzocho m'malo moganizira za ntchito. Mawu akuti “ena a inu” ndi “mukudzidziwa nokha” ndi amene anali oopsa koposa. Wolemba amaganiza kuti akusunga ulemu posatchula dzina, koma zotsatira zake n'zakuti osalakwa amapwetekedwa mtima, wolakwa amabisala pakati pa anzake, ndipo onse asanu amayamba kuyang'anana ndi diso lokayikira.

Zimenezi zili ndi umboni wa ofufuza. Mu 1996 Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wokhudza kuuza anthu m'mene agwirira ntchito, ndipo anapeza kuti ngakhale kawirikawiri kumathandiza, m'zochitika zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu ntchito inatsika pambuyo pake. Iwo anafotokoza kuti uthenga umataya mphamvu pamene ukukokera maganizo a munthu kwa iye mwini, kuti kodi ndine munthu wotani ndipo akundiona bwanji, m'malo mowakokera ku ntchito imene ili patsogolo pake. Kalata ya a manijala inali yotero kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza.

Panalinso nkhani ya lamulo. Lamulo la za ntchito la dziko lino la Zambia, la nambala 3 la chaka cha 2019, limaletsa wolemba ntchito kuchotsa munthu pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanamupatse mwayi woti amvedwe. Kalata yopita kwa anthu asanu pamodzi, yowaweruza kale kuti ndi aulesi n'kuwaopseza ndi kontrakiti asanafunsidwe kanthu, ikanadzasokoneza njira yoyenera ya chilango ngati tsiku lina ikanafunikadi. Ndinalangiza kuti mzere umenewo uchoke wonse.

Kugawa matumba osowa

Mlungu umene tinapatsidwa tinaugwiritsa ntchito pofunsa funso limodzi: matumba 2,280 anasowera pati? Tinatenga pepala lowerengera tageti lochokera ku likulu, malipoti onse a alangizi kuyambira Januwale, mabuku a m'madepoti, ndi zolemba za ofesi ya ndalama. Ndinalankhulanso ndi mlangizi aliyense payekha, ndipo funso langa silinali lakuti walephera chifukwa chiyani, koma lakuti andifotokozere mwezi ndi mwezi zimene zinkachitika ku depoti yake.

Choyamba chinapezeka pa pepala la tageti lenilenilo. Likulu linawerengera alimi 600 olembetsa, aliyense malima awiri, ndiye kuti theka la hekitala pakuti lima imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala. Pa mahekitala 300 amenewo anayembekezera matumba 20 pa hekitala, n'kupeza 6,000. Koma mbewu inafika mochedwa m'madera ena, Disembala ali kumapeto, ndipo alimi 90 anaibweza kapena sanaitenge chifukwa minda yawo anali atadzalamo kale chimanga ndi nshawa. Amene anadzala anali 510. Mahekitala 45 sanadzalidwe soya, ndipo matumba 900 a m'tageti sanakhalepo m'munda uliwonse. Chimene chinawagwira mtima a manijala n'chakuti alangizi anali atalemba zimenezi m'malipoti a Januwale, ndi mayina a alimi omwe, koma ofesi ya chigawo sinapemphe likulu kuti likonze tageti.

Chachiwiri chinali ndalama. Madepoti anatsegulidwa mlungu woyamba wa Meyi monga mwa dongosolo, koma ndalama zogulira zinafika mlungu wachinayi. M'masabata atatu amenewo mavenda anali atapachika kale masikelo awo m'mphepete mwa misewu, akulipira pompopompo, pamene mlimi anali ndi ngongole zake ndi zosowa za pakhomo zimene sizikanadikira. Poyerekeza zimene alimi otsogolera analemba kuti anzawo akolola ndi zimene zinafika ku depoti, tinapeza kuti matumba pafupifupi 800 anagulitsidwa kwina m'masabata amenewo. Nambala iyi inali yongoyerekeza, ndipo m'kalata tinainena kuti ndi yongoyerekeza, chifukwa munthu akagwira nambala imodzi yonenedwa motsimikiza mopitirira umboni wake, amakayikira zonse zotsala.

Chachitatu chinali chaching'ono. Kampani imalandira soya wouma kufika pa mlingo wake wa chinyontho, koma makina oyezera chinyonthocho anali amodzi pa madepoti asanu. Pa masiku amene makinawo anali kwina, alangizi ankayeza ndi dzino, ndipo poopa kuti thumba likakanidwa ku nkhokwe adzalipira okha, ankabweza chilichonse chokayikitsa. Mabuku a m'madepoti anasonyeza matumba 180 amene anabwezedwa kuti akaumitsidwe koma sanabwerenso.

Zitatuzi zikaphatikizidwa zimapereka matumba 1,880. Otsala 400 ndi amene anali m'manja mwa gulu lenilenilo, ndipo anachokera m'madera awiri kumene misonkhano ya mu Epulo sinachitike. Misonkhano imeneyi ndi imene mlangizi amakumana ndi alimi asanakolole, kuwakumbutsa za mgwirizano, kuwauza masiku a depoti, ndi kuona kukula kwa zokolola. M'madera atatu kumene inachitika, alimi ambiri anadikira ndithu ngakhale ndalama zinachedwa. M'dera limodzi mwa awiriwo njinga yamoto ya mlangizi inawonongeka kwa masabata angapo, iye n'kumayesa kuikonzetsa yekha osauza ofesi. M'dera linalo panalibe chifukwa chomveka, ndipo mlangiziyo anali atalemba m'lipoti kuti misonkhano yachitika pamene alimi otsogolera anati sanamuone.

Panatsala chinthu china chosawerengeka ndi matumba. Alangizi onse asanu anaona mavenda akugula mlungu woyamba wa Meyi, koma palibe amene analemba zimenezo m'lipoti kapena kuimbira ofesi kuti ndalama zifulumire. Nditafunsa chifukwa chake, atatu anandiuza nkhani imodzimodzi aliyense payekha: pa msonkhano wa mu Malichi mnzawo anadandaula za mafuta a njinga, ndipo anayankhidwa pamaso pa onse kuti abwere ndi matumba osati zifukwa. Kuyambira tsiku limenelo anasankha kukhala chete. Kukhala chete kumeneko kunali kulakwa kwawo, ndipo sindinafune kuti kubisidwe, koma kunali ndi chiyambi chake, ndipo chiyambicho chinali m'chipinda cha a manijala.

Zimene tinagwirizana tisanalembe

Nditawaonetsa a manijala kagawidwe aka, poyamba anapita mbali ina kotheratu. Anati ndiye kalata ingokhala yothokoza alangizi chifukwa cha khama lawo m'nyengo yovuta, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinakana. Kalata yotero ikananamiza anthu ngati yoyamba ija, kungoti mbali ina, ndipo alangizi atatu amene anachititsa misonkhano yawo mu Epulo akanaona kuti kugwira ntchito ndi kusagwira zalandira mawu ofanana. Uthenga womanga suchepetsa kulephera. Umanena nambala yonse monga ilili, kenako n'kuigawa m'zigawo zimene chilichonse chili ndi mwini wake ndi chochita chake.

Tinagwirizana kuti kalata ya gulu inene za ntchito ya gulu yokha, ndipo nkhani za alangizi awiri aja zikambidwe ndi aliyense payekha, chitseko chili chotseka. Tinagwirizananso kuti zokambirana za awiriwo zichitike kalata ya gulu isanatuluke, kuti asadzamve za dera lawo koyamba pamaso pa anzawo.

Chimene chinavuta kwambiri chinali dongosolo la zigawo m'kalatamo. Ndinapempha kuti a manijala ayambe ndi mbali ya ofesi yawo, ndiponso kuti ainene m'dzina lawo. Pa kulemba koyamba kwa kalata yatsopanoyo iwo analemba kuti “tageti sinakonzedwe” ndiponso “ndalama zinachedwa”, pamene za alangizi analemba kuti “simunachititse misonkhano”. Wowerenga aliyense akanaona kuti pa zolakwa za ofesi wochita wasowa, koma pa zolakwa za alangizi wochita waloza ndi chala. Tinakambirana nthawi yaitali, chifukwa iwo ankaopa kuti kuvomera polemba kudzawachotsera ulemu kwa amene amawayang'anira, makamaka pakuti kope linkapita ku Lusaka. Ndinawauza kuti alangizi akudziwa kale zimene analemba mu Januwale, ndiye kusavomera sikubisa kanthu koma kumangowauza kuti choonadi chimatsika pansi chokha osakwera m'mwamba. Pa za ndalama tinalemba zimene zinachitika ndi masiku ake popanda kuweruza munthu wa ku likulu, pakuti nayenso anali asanafunsidwe, ndipo sikukanakhala kukonza kanthu kuchotsa mlandu pa alangizi n'kuuponya pa wina amene palibe.

Kuyerekeza ndi magulu ena tinakuchotsanso. Gulu limene ankalitama linalandira ndalama pa nthawi yake chifukwa linali pa ndondomeko ina ya malipiro, kotero kuyerekezako kunali kosalungama.

Kalata yatsopano

Kalata imene inapita inali yaitali kuposa yoyamba, koma inakwana pa tsamba limodzi. Gawo lake lalikulu linali motere:

“Anzanga, tageti yathu ya soya inali matumba 6,000 ndipo tagula 3,720. Tasowa 2,280, ndipo zimenezi zachititsa kuti kampani ilephere kukwaniritsa zimene inalonjeza ogula ake. Ndafufuza pamodzi ndi ofesi yoona za antchito, ndipo zimene tapeza ndi izi. Matumba 900 anawerengedwa pa minda imene sinadzalidwe. Munandilembera za alimi 90 aja mu Januwale, ndipo ine sindinapemphe likulu kuti likonze tageti. Matumba pafupifupi 800 tikuganiza kuti anagulitsidwa kwina pakati pa mlungu woyamba ndi wachinayi wa Meyi, pamene madepoti anali otsegula koma opanda ndalama. Matumba 180 anabwezedwa chifukwa cha chinyontho pamene makina oyezera anali amodzi. Matumba pafupifupi 400 anachokera m'madera amene misonkhano ya mu Epulo sinachitike, ndipo eni madera amenewo ndakambirana nawo kale. Pali chinanso: mavenda anayamba kugula mlungu woyamba wa Meyi, koma uthengawo sunandifike m'lipoti lililonse. Ndikanaudziwa msanga ndikanakakamira likulu msanga. Ndamva kuti yankho langa pa msonkhano wa mu Malichi ndi limene linakuchititsani kuleka kunena zovuta, ndipo ndikufuna kuti zimenezo zisinthe. Tikumana Lachinayi; aliyense abwere ndi zimene akuona kuti zalakwika pa manambala awa, ndi chinthu chimodzi chimene chingathandize dera lake nyengo ikubwerayi.”

Chiganizo chilichonse chodzudzula m'kalatamu chili ndi nthawi yake, chochitika chimene munthu angachione, ndi zotsatira zake pa ntchito. Palibe mawu ofotokoza mtima kapena khalidwe la munthu. Njira imene ndinagwiritsa ntchito poyesa chiganizo chilichonse inali kufunsa ngati mlangizi angathe kuchitsutsa ndi pepala kapena kuchivomera ndi pepala. Chiganizo chimene sichingatsutsidwe kapena kutsimikizidwa, monga chakuti mulibe mtima wa ntchito, chinachoka. Kuitana alangizi kuti akonze manambala sikunali mwambo chabe. Manambala awiri mwa anayi anali ongoyerekeza, ndipo anthu amene anali ku madepoti ankadziwa zimene mabuku sanalembe.

Kalatayo tinaipereka pa pepala kwa aliyense. A manijala ankafuna kuiponya pa gulu la WhatsApp la chigawo, koma m'gulumo munali madalaivala ndi osunga nkhokwe, amene nkhaniyi sinali yawo.

Zokambirana za awiri aja

Ndi mlangizi wa njinga ija zinatha msanga. A manijala anamuuza zimene zinachitika ndi matumba amene anatayika m'dera lake, kenako anamufunsa chifukwa chimene sananenere. Iye anati ankaopa kuti ndalama zokonzetsera zidulidwa pa malipiro ake. Anauzidwa momveka kuti njinga ikawonongeka ayenera kunena tsiku lomwelo, ndipo kuti kuwonongeka kobwera chifukwa cha kutha kwa zitsulo kumalipiridwa ndi kampani, chinthu chimene chinali m'malamulo athu koma palibe amene anamufotokozera.

Nkhani ya winayo inali yosiyana, ndipo apa ndi pamene njira yomanga ili ndi malire ake. Kusachititsa misonkhano ndi nkhani ya kagwiridwe ka ntchito, koma kulemba kuti yachitika pamene sinachitike ndi nkhani ya kukhulupirika, ndipo imeneyi sikonzedwa ndi kusankha mawu abwino. Anapatsidwa kalata yake yekha yofotokoza masiku amene analemba ndi zimene alimi otsogolera ananena, anapatsidwa masiku oti ayankhe polemba, ndipo anamvedwa pamaso pa anthu awiri. Anavomera. Analandira chenjezo lolembedwa, ndipo anagwirizana kuti pa msonkhano uliwonse azibweretsa pepala losainidwa ndi mlimi wotsogolera. Kalata yoyamba ija ikanapita, munthu uyu ndi amene akanapindula nayo koposa, chifukwa bodza lake likanasungunuka m'mawu akuti “ena a inu”.

Msonkhano wa Lachinayi ndi zimene zinatsatira

Msonkhanowo unayamba movuta. Kwa mphindi zingapo palibe amene analankhula, ndipo a manijala anatsala pang'ono kudzaza chetelo ndi mawu awo, koma tinali titagwirizana kuti adikire. Woyamba kulankhula anali mlangizi wa ku Chadiza, amene anati: “Abwana, pepani, nambala ya 800 ija yachepa kwathu ndipo yachuluka kwa anzathu a ku Katete.” Anafotokoza kuti m'dera lake mavenda sanasiye ndalama zitafika, chifukwa iwo ankatenga soya pakhomo pa mlimi, pamene ife tinkafuna kuti mlimi alipire ngolo mpaka ku depoti. Chifukwa chimenechi sichinali m'buku lililonse, ndipo ine ndi a manijala tinali tisanachiganizire. A manijala anayankha kuti: “Zikomo bambo, pitirizani,” n'kulemba. Ena anayamba kulankhula ataona kuti wotsutsa nambala ya abwana sanadzudzulidwe.

Zochita zimene zinatuluka zinali zochepa, ndipo chilichonse chinali ndi mwini wake ndi tsiku lake. A manijala anatenga udindo wopempha likulu kukonza tageti pofika kumapeto kwa Januwale, kuchokera pa minda yodzalidwa osati pa alimi olembetsa. Anavomeranso kuti depoti isatsegulidwe ndalama zisanafike, chifukwa mlimi amene wabwera ndi ngolo n'kubwerera nayo yodzaza sabweranso. Alangizi anavomera kuti misonkhano ya mu Epulo ikhale ndi ndandanda yoperekedwa pasadakhale, ndiponso kuti sikelo ya venda ikaoneka m'dera lawo azidziwitsa ofesi tsiku lomwelo ndi mtengo umene akugulira. Pa fomu ya mlungu tinachotsa gawo lakuti zovuta n'kuikapo funso lakuti ndi chiyani chingatilepheretse kufika pa nambala ya mwezi uno, ndipo a manijala anadzimanga kuti aziyankha chilichonse cholembedwa pamenepo mlungu usanathe, ngakhale yankho likhale lakuti sizitheka.

Si zonse zimene zinakonzeka. Mlangizi amene anandipempha kalata ya umboni mu Juni anachoka ndithu mu Okutobala. Anandiuza kuti kalata yatsopano inali yachilungamo, koma anali atavomera kale ntchito kwina. Chizindikiro cha mu Juni chija chikanafunika kuchitidwapo kanthu mu Juni momwemo. Likulu linakana kugula makina oyezera chinyontho a depoti iliyonse, n'kuwonjezera amodzi okha.

Nyengo yotsatira tageti inakonzedwa mu Januwale kukhala matumba 5,200, ndipo gulu linagula 4,750. Linalepherabe, ngakhale pang'ono, ndipo sindinganene kuti kusintha konse kunabwera ndi kalata, pakuti mitengo ndi mvula zimasintha chaka ndi chaka. Chimene ndingathe kuchiloza ndi nthawi imene uthenga woipa unafika. Mlungu womaliza wa Epulo alangizi awiri analemba kuti mavenda ayamba kugula, ndi mitengo yawo yomwe, ndipo a manijala anatumiza malipoti amenewo ku Lusaka tsiku lotsatira. Ndalama zinachedwabe, koma ndi masiku asanu ndi limodzi osati masabata atatu, ndipo madepoti anadikira osatsegula mpaka zitafika.

Nkhani imene idakali pa tebulo ndi ya bonasi. Malamulo a kampani amati bonasi ya alangizi imawerengedwa pa tageti monga inalembedwera, ndipo pa nyengo imene ndafotokozayi likulu linawerengera pa 6,000, ngakhale linavomera polemba kuti matumba 900 a nambalayo sanadzalidwe. Alangizi atatu amene anagwira ntchito yawo mokwanira sanalandire kanthu. Ofesi ya chigawo yalembera likulu kupempha kuti bonasi iziwerengedwa pa tageti yokonzedwa mu Januwale, ndipo pempholo likuyembekezera msonkhano wa akuluakulu a kampani.